Nsembe ya kwa agogo ndi za ku Khulubvi: chipembedzo kapena zamatsenga?

Nabanda wa ku Bangula

Abale anga pagulu pano, ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata ino. Mwana wa mng'ono wanga wakhala akudwaladwala kuyambira mwezi wa Okutobala. Kuchipatala anamupeza ndi malungo, anamwa mankhwala n'kuchira, koma thupi silikubwerera. Tsono amayi alota kawiri malemu agogo athu atakhala pakhonde atafulatira, osayankhula. Atsibweni atamva anati papita zaka 6 chimwalirire agogo osawakumbukira ndi kanthu, choncho tonse a mbumba tikakumane kumudzi Loweruka likubwerali, tikathire nsembe. Bambo a kunyumba kwanga akuti zimenezo n'zamatsenga, ndisapiteko. Koma mwana wathu woyamba ali ku koleji, ndipo akuti zomwezi amaziphunzira m'kalasi, aphunzitsi ake amazitcha chipembedzo. Ndithandizeni. Ophunzirawo anaona chiyani kuti azitche chipembedzo? Kapena amangofuna kutisangalatsa ife akuda?

Mnyamata wa pa Nchalo

Achemwali musavutike. Pano pa Nchalo mitengo yonse yamagetsi yadzaza mapepala a asing'anga amenewa, wina akuti amabweza katundu wobedwa, wina akuti amachulukitsa ndalama. Mnzanga wodula mzimbe analipira malipiro a mwezi wathunthu, anangopatsidwa kanyanga kokulunga m'nsanza. Ngati ku koleji akuphunzitsa zimenezi ndiye kuti ndalama za fizi zikungowonongeka.

Gogo Nasibeko

Mwanangu wa pa Nchalo, wasokoneza mbuzi ndi nkhosa. Amene akunenedwa pano si sing'anga wa pamtengo wamagetsi. Nsembe ya pabanja salipiritsa, sachita usiku, ndipo wothira nsembe si mlendo, ndi mtsibweni wako yemwe unakula ukumuona. Ine ndili ndi zaka 74, ndabadwira kwa Tengani, ndipo ndakhalapo pa nsembe zambiri. Ndikuuzeni mmene tinkachitira kwathu, chifukwa mabanja amasiyanako pang'ono.

Poyamba mwinimbumba amauza alongo ake onse tsiku. Amayi amanyika mapira kuti amere chimera, kenako n'kufulula mowa, ntchito ya masiku angapo. Masiku onsewo amene akugwira mowawo sagona ndi amuna awo, timati akhale ozizira. N'chifukwa chake ntchitoyi kawirikawiri ankaipereka kwa amayi okalamba amene anasiya kusamba, ndi atsikana amene sanathe msinkhu. Tsikulo likafika timadzuka dzuwa lisanatuluke, kusesa patsinde pa mtengo umene banja linazolowera, ndipo aliyense amavula nsapato n'kukhala pansi. Mtsibweni amagwada, n'kuyamba kuthira ufa pang'onopang'ono kuti uunjikane kamulu, akutchula mayina: amayi ake, amayi a amayi ake, atsibweni ake, mpaka pamene chikumbukiro chake chathera. Akatero amati, ndi inu nonse amene sitikukudziwani mayina, bwerani mudye pamodzi. Ife timaomba m'manja mofatsa tikuvomera kuti pepa, pepa. Ndiye amathira mowa pang'ono pansi, wotsalawo timamwa tonse, ndi anansi omwe.

Kwathu akulu ankayang'ana kamulu ka ufa kaja. Kakaunjikana bwino ankati alandira. Kakamwazika ankati pali mawu amene sananenedwe, ndipo tinkakhala pansi kufunsana kuti ndani ali ndi mangawa ndi mnzake. Ndikukumbukira chaka china nsembe inaima mpaka masana chifukwa azakhali awiri anali atatha zaka 3 osalankhulana pa nkhani ya dimba. Sanathire mowa mpaka awiriwo atamwera chikho chimodzi.

Aphiri a ku Zomba

Agogo, zikomo kwambiri, mwandichepetsera ntchito. Ine kwathu ndi ku Nsanje konko, ndinaphunzira za zipembedzo ku Chancellor College, ndipo ndakhala ndikuphunzitsa phunziroli ku sekondale zaka zambiri. Mayi Nabanda, funso lanu ndiliyankhe kuchokera pa zomwe agogo afotokozazi.

Ofufuza oyamba a ku Ulaya sanatikomere mtima ayi. Mngelezi wina, Edward Tylor, analemba mu 1871 kuti kukhulupirira mizimu kunayamba chifukwa anthu akale ankalephera kumvetsa maloto ndi imfa, ndipo anakuika pa sitepe yapansi penipeni ya makwerero amene pamwamba pake anaikapo anthu a kwawo. Iye sanakhalepo pa nsembe ya kuno ngakhale imodzi, ankawerenga malipoti a apaulendo. Zinthu zinasintha pamene ofufuza anayamba kukhala m'midzi zaka, kuphunzira chiyankhulo, n'kumva mawu enieni amene mtsibweni amanena atagwada.

Atamva mawuwo anasiya kufunsa kuti kodi ufa ungachiritse mwana. Anayamba kufunsa kuti munthuyu akulankhula ndi ndani, ndipo akulankhula motani. Apa m'pamene pagona kusiyana konse. Kanyanga ka mnzake wa mnyamata wa pa Nchalo saikapempha. Mwini wake amakhulupirira kuti akatsata malangizo, chinthucho chigwira ntchito chokha ngati msampha, kaya iye ndi wolungama kaya ndi mbava. Koma pa nsembe munthu amapempha, ndipo wopemphedwayo angathe kukana. Mawu oti pepa ndi mawu a munthu amene akuvomera kuti analakwa. Ndipo mwamva kuti nsembe inaima chifukwa cha azakhali awiri okangana. Msampha sufunsa ngati mwakhululukirana. Chinthu chimene chili ndi pemphero, kulapa, wotsogolera wodziwika, malamulo a kudzisunga, ndi chakudya chodyera pamodzi, ofufuza anaona kuti akachikana dzina loti chipembedzo ndiye kuti ayeneranso kulikana kwa Aroma akale ndi Aisraeli a m'Chipangano Chakale.

Koma mvetsani bwino mayi. Wofufuza akati ichi n'chipembedzo sakutanthauza kuti n'choona, kapena kuti inu mupiteko Loweruka. Amatchanso Chihindu chipembedzo, Chisilamu chipembedzo, Chikhristu chipembedzo, osaweruza kuti cholondola n'chiti. Akungonena mtundu wa chinthucho.

Mkulu wa mpingo, Ngabu

Aphiri, mfundo yomalizayo ndaikonda, chifukwa ndi pomwe ine ndaima. Sindikana kuti n'chipembedzo. Vuto langa ndi lomwelo, kuti n'chipembedzo china. Deuteronomo 18 ndime 10 ndi 11 akuletsa kufunsira kwa akufa, ndipo Paulo pa 1 Akorinto 10 ndime 20 akuti nsembe za amitundu amazipereka kwa ziwanda. Chikanakhala chongoseweretsa sindikanadandaula. Mayi Nabanda ngati anabatizidwa aganize bwino.

Aphiri a ku Zomba

Akulu, ndikulemekeza chikhulupiriro chanu ndipo sindikufuna kukuchotsanipo. Ndingoonjeza chinthu chimodzi chokhudza mawu. Amene anamasulira Baibulo m'chiyankhulo chathu, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, sanapeke mawu atsopano. Nsembe, wansembe, kachisi, Mulungu, ngakhale mzimu pa dzina la Mzimu Woyera, onsewa anawapeza ali kale pakamwa pa makolo athu. Kachisi anali kanyumba ka mizimu. Omasulirawo, ngakhale ankalalikira motsutsa miyamboyi, anazindikira kuti mawu oyenera kunenera zinthu zopatulika ali momwemo. Nanga chiwanda? Kwa makolo chiwanda sichinali mzimu uliwonse. Chinali mzimu wa munthu woipa kapena wosaikidwa bwino, wongoyendayenda n'kumavutitsa anthu, ndipo ankauthamangitsa, osaupatsa ufa. Tsono mukauza atsibweni a mayi Nabanda kuti amayi awo owabereka ndi chiwanda, iwo akumva kuti mwatukwana malemuwo kuti anali mfiti. N'chifukwa chake makambirano otere m'mabanja amathera pa mkangano, anthu akugwiritsa ntchito liwu limodzi pa zinthu ziwiri.

Mkulu wa mpingo, Ngabu

Za chiwandazo sindinkaziganizira motero, ndipo ndisamala polankhula ndi okalamba. Koma pa kufunsira kwa akufa sindisuntha.

NaJere wa ku Fatima

Ife Akatolika pa 2 Novembala timapita kumanda kukapempherera akufa athu, ndipo timapempha oyera kuti atipempherere. Ine ndimaona kuti n'chimodzimodzi ndi za agogo Nasibeko. Makolo sankapembedza mizimu, ankangoituma kwa Mulungu basi, monga mmene sungapite kwa mfumu wopanda nkhoswe.

Gogo Nasibeko

NaJere, mwalondola theka. Pa mvula inde, tinkadziwa kuti mwini mvula ndi Mphambe, mizimu imangotinenera. Koma pa nsembe ya pabanja ndisakunamizeni, dzina la Mulungu nthawi zina silinkamveka n'komwe. Mtsibweni ankalankhula ndi amayi ake mwachindunji, ndipo nthawi zina mowadzudzula. Ndinamvapo atsibweni anga akunena kuti, mayi, mwanayu mukumuvutitsiranji, akafa adzakukumbukirani ndani, ngati n'fodya wanu uyu apa, tisiyeni tigone. Kodi inu mungamulankhule chotero Petulo woyera?

Aphiri a ku Zomba

Agogo mwakhudza mtsutso umene ofufuza sanaumalize mpaka lero. Mu 1971 Igor Kopytoff, amene anakhala pakati pa Asuku a ku Congo, analemba kuti azungu analakwitsa potcha zimenezi kupembedza makolo. Iye anaona kuti Asuku amalankhula ndi akufa awo monga mmene amalankhulira ndi akulu amoyo: kuwapatsa mphatso, kuwadandaulira, kuwakalipira kumene. Ndiye anati malire enieni sali pakati pa amoyo ndi akufa, ali pakati pa akulu ndi ana. Agogo akamwalira amangokwera udindo, sasanduka mulungu. Ena anamutsutsa kuti m'ziyankhulo zambiri muli liwu lapadera la akufa, monga ife tili ndi mizimu, ndipo palibe amene amathirira ufa patsinde pa mtengo agogo amene ali moyo. Ine ndimaona kuti onse ali ndi mbali. M'Chichewa kupembedza kumatanthauzanso kunyengerera, monga timati kupembedza mwana wolira kuti atonthole. Mtsibweni akamapembedza mzimu, kodi akuulambira kapena akuutonthoza? Liwu lathulo limanyamula zonse ziwiri, ndipo mwina makolo sankaona chifukwa chozilekanitsira.

Mwana wa Tchiri

Ine ndine Msena wa ku Marka. Kwathu nsembe imatsata kuchimuna, amatsogolera ndi mkulu wa kubanja la abambo, osati mtsibweni. Ndiye musamati Chigwa chonse cha Shire n'chimodzi. Koma funso langa ndi la Mbona, mzimu wa mvula umene kachisi wake ali ku Khulubvi ku Nsanje. Mbona si kholo langa, si kholo la Nabanda, sanasiye mbumba. Nanga bwanji anthu amamuika m'gulu la makolo? Ndipo kunena zoona, nkhani yoti munthu anadulidwa mutu ndi tsamba ndiye n'kumabweretsa mvula, imeneyo si nthano basi?

Aphiri a ku Zomba

Achimwene, funso ili ndi limene linapangitsa kuti Chigwa chathu chidziwike m'mayunivesite a kunja, choncho mundilole nditalikitse.

Munthu amene anafufuza kwambiri za Mbona ndi Matthew Schoffeleers, wansembe wa Chikatolika wa chipani cha Montfort wochokera ku Holland. Anafika m'dziko muno mu 1955, anatumikira kuno ku Chigwa, kenako anakaphunzira za chikhalidwe cha anthu ku Oxford, anadzaphunzitsa ku Chancellor College, ndipo anamwalira mu 2011. Buku lake lalikulu la Mbona linatuluka mu 1992, ndipo mutu wake umatanthauza mtsinje wa magazi. Asanabwere iye, bwana wina wa boma la atsamunda, Rangeley, anali atalembako za Mbona mu 1953, ndipo amishoni oyamba aja amene anakhala kwa Chibisa ku Chikwawa mu 1862 anamvanso dzina lake.

Schoffeleers anasiyanitsa mizimu ya banja ndi mizimu ya dziko. Mzimu wa agogo a Nabanda umakhudza mbumba yawo yokha, sungadwalitse mwana wa kwa eni. Koma mvula, chilala, dzombe ndi kusefukira kwa Shire sizisankha banja. Zimagwera aliyense wolima dothi limeneli, Mmang'anja, Msena, Mlomwe. Ndiye pali mizimu ina, ya mafumu akale ndi anthu ngati Mbona, imene munthu amaimvera osati chifukwa cha magazi koma chifukwa cha nthaka imene akulima. N'chifukwa chake inu a ku Marka muli nawo mbali ngakhale Mbona anali Mmang'anja.

Ndipo ku Khulubvi anapeza zonse zimene munthu amayembekezera pa malo opembedzera. Nkhalango yopatulika imene sadulamo mtengo kapena kuphamo nyama. Kachisi amene amamangidwanso akawonongeka, ndipo ntchitoyo ili ndi eni ake. Malamulo a kavalidwe, kuvula nsapato ndi kuvala nsalu yakuda. Mayi wokhala komweko wotchedwa Salima, amene ndi mkazi wa Mbona, ndipo amati Mbona amamuyendera ngati nsato. Mafumu a maudindo odziwika, monga Ngabu ndi Malemia, ndipo pamwamba pawo Lundu. Ndiponso munthu wogwidwa ndi mzimu wa Mbona, wobwebweta, amene sasankhidwa ndi mfumu iliyonse.

Wobwebwetayu ndiye anamuchititsa chidwi kwambiri. Mvula ikakana, uthenga wochokera ku kachisi sunkakhala woti onjezani ufa. Unkakhala woti mafumu akukangana, kapena magazi akhetsedwa m'dziko, kapena kachisi wasiyidwa kugwa, kapena anthu akuponderezedwa. Ndiye kuti munthu wamba, wopanda ufumu, ankatha kudzudzula mafumu poyera ndipo iwo ankayenera kumva. Chitsanzo chimene akulu ambiri akuchikumbukira ndi cha m'zaka za m'ma 1950, pamene boma la atsamunda linkakakamiza anthu a kuno kulima mitumbira, ndipo okana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Alimi ankadziwa kuti m'dothi la kuno, ndi kutentha kwa kuno, mtumbira umauma msanga, ndipo ntchito yake ndi yowawa. Mawu ochokera kwa Mbona anatsutsa mitumbirayo, ndipo anthu analimba mtima nawo. Wolemba mbiri Elias Mandala, m'buku lake la 1990 lonena za Chigwa chino, anafotokoza za nkhondo ya mitumbira imeneyi. Bwanamkubwa ankaona anthu ouma mitu ogwidwa ndi zikhulupiriro. Ofufuza anaona anthu amene anali ndi bwalo lawo loweruzirapo olamulira.

Tsono za tsamba lija. Schoffeleers anasonkhanitsa nkhani za Mbona zambiri ndipo sizifanana. Mwa zina Mbona ndi mnyamata wonyozeka amene anavina mvula n'kugwa pamene mtsibweni wake Mlauli analephera, ndiye nsanje inabuka. Mwa zina mdani wake ndi Lundu mwini. Zimagwirizana poti anathawira kumwera, adani anamupeza, mikondo ndi mipeni zinakanika, iye mwini anawauza chomuphera, magazi ake anasanduka madzi pa Ndione, ndipo mutu wake unaikidwa ku Khulubvi. Schoffeleers anati nkhaniyi ikusunga chikumbukiro cha nthawi ya m'ma 1600, pamene ufumu wa Lundu unakula mwankhondo n'kulanda malo opembedzera akale. Anthu ogonjetsedwa anasunga kulira kwawo m'nkhani ya munthu wosalakwa wophedwa ndi mfumu, ndipo mfumu yomweyo inakakamizika kumumangira kachisi ndi kumupatsa mkazi.

Mwana wa Tchiri

Takhuta, Aphiri. Koma mwati Schoffeleers anali wansembe. Munthu wosalakwa, wophedwa ndi olamulira, magazi ake n'kupatsa anthu moyo. Kodi sanangoona Yesu wake m'nkhani yathu?

Aphiri a ku Zomba

Mwafunsa chimene ofufuza anzake anafunsa. Iye mwini analemba kuti anamva anthu a kuno akutcha Mbona Yesu wakuda, ndipo anavomera kuti nkhani zina za Mbona zinatengako mawu a kutchalitchi m'kupita kwa zaka. Komanso mu 1988 wolemba mbiri wina, Christopher Wrigley, anamutsutsa poyera. Anati Mbona si munthu amene anakhalako n'kuphedwa m'zaka za m'ma 1600, koma ndi mulungu wakalekale wa mtsinje ndi njoka, ndipo nkhani ya kudulidwa mutu n'kutuluka madzi ikunena za mvula ndi nyengo, osati za nkhondo ya Lundu. Schoffeleers anayankha, ndipo sanagwirizane. Koma onani kuti onse awiri sankakangana zoti n'chipembedzo kapena ayi. Ankakangana zoti n'chipembedzo chotani ndipo chinayamba liti.

Chenjezo lanulo n'loona pa mbali ina. Pali ofufuza, ena a iwo abusa a ku Africa konkuno, amene pofuna kuteteza makolo anawaveka mkanjo wa tchalitchi, n'kumati zonse zinali ngati Chikhristu chisanafike. Agogo Nasibeko atikumbutsa kale kuti pa nsembe ina dzina la Mulungu silinkamveka. Kulemekeza makolo ndi kuwafotokoza mmene analili, osati mmene tikufunira kuti akanakhalira.

Namondwe wa ku Makhanga

Ine ndinataya nyumba mu 2015, ndinamanganso, madzi a Freddy mu 2023 anatenganso. Kumsasa anthu ena ankati Mbona wakwiya chifukwa nkhalango zatha ndipo mafumu akugulitsa malo. Ena ankati ndi kusintha kwa nyengo. Ine ndinaona kuti pa nkhani ya mitengo onse akuloza chala kumodzi, mapiri a kumtunda ameta mpala ndipo mchenga wadzaza mu Ruo. Koma ndili ndi chinthu chimene chimandiwawa. Chaka china mvula itachedwa, anyamata a mudzi woyandikana nafe anagwira agogo ena aakazi kuti akumanga mvula, anawamenya mpaka kuwathyola dzanja. Ndinawanyamula ndine pa njinga. Aphiri, chimenechonso muchitcha chipembedzo?

Aphiri a ku Zomba

Pepani kwambiri achimwene, pa nyumba ndi pa zimene munaonazo. Ayi, kumenya nkhalamba ndi mlandu, ndipo lamulo la za ufiti la 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limaletsa ngakhale kumunena munthu kuti ndi mfiti. Ofufuza amasiyanitsa ziwirizi poyang'ana kumene chala chikuloza. Pa nsembe anthu amati talakwa ife, kapena alakwa otilamulira, tiyeni tikonze. Pa kusaka mfiti amati walakwa uyo, ndipo nthawi zambiri uyo amakhala wofooka, wamasiye, wopanda womuteteza. Koma sindikunamizani kuti mpanda wa pakati pake ndi wautali. Anthu omwewo angathe kuchita zonse ziwiri m'chaka chimodzi, ndipo woombeza ula amene wauza banja lina kuti thirani nsembe angathe kuuza lina kuti azakhali anu akukulodzani. Kutcha chinthu chipembedzo sikuchiyeretsa. Zipembedzo zonse zili ndi mbiri ya anthu ozunzidwa m'dzina lake, ndipo wofufuza woona amalemba zonsezo.

Namondwe wa ku Makhanga

Ndamva, koma mtima wanga sunakhazikike. Anyamata aja akanati asakhulupirire kuti munthu angagwire mvula, agogo aja dzanja lawo likanakhala lilipo bwino. Muzu wake ndi umodzi.

Gogo Nasibeko

Mwanangu, sindikutsutsa ululu wako. Ndingoti masiku athu mnyamata sankaweruza nkhani ya mvula. Inkapita kwa nyakwawa, nyakwawa kwa mfumu, mfumu n'kutumiza nsalu yakuda ku Khulubvi. Anyamata ako aja anatola mantha a makolo n'kusiya dongosolo lawo. Komabe mwavi unaliko kale, ndipo unapha anthu osalakwa, zimenezo sindingabise.

Nesi wa ku Chikwawa

Ndalowa mochedwa. Za chipembedzo ndasiyira inu, ine ndibwerere kwa mwana. Mayi Nabanda, mwana amene wachira malungo koma thupi silikubwerera kawirikawiri amakhala ndi magazi ochepa, kapena njoka za m'mimba, kapena chakudya sichikukwana, ndipo nthawi zina malungo amabwereranso. Muyang'aneni m'zikhatho ndi kunsi kwa zikope ngati mwayera, komanso ngati mapazi akutupa. Apite naye akamuyezenso magazi ndi sikelo sabata ino, asadikire Loweruka. Ndaonapo mabanja akudikira kuti mowa upse kaye, mwana n'kufika kwa ife mochedwa.

Gogo Nasibeko

Anesi anena zoona, ndipo mtsibweni wanzeru sangaletse. Kale lomwe nsembe sinkalowa m'malo mwa mankhwala, wodwala ankamwa mizu yake uku akulu akupepesa. Mankhwala amayankha kuti wadwala chiyani, nsembe imafunsa kuti pabanja pano pasokonekera chiyani. Nabanda, ndikufunse, kodi chimwalirire agogo anuwo, abale nonse munakhalapo pansi pamodzi?

Nabanda wa ku Bangula

Agogo mwandigwira pamtima. Ayi, sitinakhalepo. Pamaliro pomwepo panabuka nkhani ya munda wa kudimba ndi ng'ombe 2 zimene agogo anasiya, ndipo amayi ndi mng'ono wawo kuyambira pamenepo amangopatsana moni wa pamsewu. Mng'ono wanga amene mwana wake akudwalayu ndi amene akulima mundawo. Ndikuganiza tsopano kuti atsibweni akudziwa chimene akuitanira anthu.

Anesi, ndamuimbira mng'ono wanga, apita naye mawa m'mawa, ndamutumizira ya kabaza.

Mkulu wa mpingo, Ngabu

Mayi, ngati nkhani ndi kuyanjanitsa amayi anu ndi mng'ono wawo, imeneyo ndi ntchito yabwino ndipo Ambuye amaifuna. Mungathe kupita, kukhala nawo pa kukambirana, kudya nawo nsima, koma pa kugwada ndi kuomba m'manja n'kukhala pambali mwaulemu. Akhristu ambiri kuno amatero.

NaJere wa ku Fatima

Koma akulu, akakhala pambali atsibweni sadzati wadzipatula pa mbumba? Kwathu wina anatero ndipo mpaka lero amamunena.

Gogo Nasibeko

Zimatengera mtsibweni wake. Ena amangofuna kuti dzina lako litchulidwe kuti uli pano, ndipo ukapereka kambale ka ufa kapena ka mapira amati wakwanitsa. Ena amaumirira. Nabanda, upite Lachisanu madzulo, ukalankhule nawo pawiri anthu asanasonkhane, uwauze za bambo a kunyumba kwako mosabisa. Ndipo usapite chimanjamanja.

Nabanda wa ku Bangula

Ndidzatero agogo. Bambo a kunyumba ndawawerengera zonsezi, akuti za kuyanjanitsa amayi alibe nazo vuto, koma za ufa akufuna aganizebe. Aphiri, mwana wanga akufunsa ngati munthu wamba angathe kukaona ku Khulubvi akadzabwera pa holide.

Aphiri a ku Zomba

Angathe, koma asangolowa yekha ngati akupita kumsika. Ayambe wakaonekera kwa mafumu osunga malowo, iwo ndi amene amapereka chilolezo ndi womuperekeza, ndipo adzamuuza za kavalidwe ndi pamene ayenera kulekezera. Asajambule asanafunse. Malowa boma linawalembetsa mu 2011 pa mndandanda wa malo oyembekezera kuvomerezedwa ndi bungwe la UNESCO ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ndiye alendo amafikako, koma kwa eni ake ndi kachisi, osati malo ongoonerako zakale. Ngati akufuna kulemba za kusukulu, atenge kope, akhale pansi ndi akulu a kumeneko, ndipo akamva nkhani ya Mbona yosiyana ndi imene ndafotokoza pano ailembe momwemo, ndi dzina la mudzi umene waimva.

Mwana wa Tchiri

Akadzabwera mundiuze, ndili ndi njinga yamoto ndipo pa boma ndi pafupi. Agogo anga aamuna ali ndi nkhani yawo ya Ndione imene sifanana ndi zonse mwanenazi, amati Mbona anayamba wapempha madzi akumwa asanawauze za tsamba. Ndikufuna mwanayo adzaimve iwo akadali ndi mphamvu zoyankhula.